Mizati, mzere kapena timadontho: kusankha tchati cha zotsatira za masewero m'kalata ya kalabu

Tsiku lina ndinalandira pa foni kalata ya nkhani ya kalabu ina ya mpira ya m'dera lathu. Pa tsamba lachiwiri panali tchati cha ogoletsa zigoli. Mayina a osewera anandandalikidwa m'munsi, ndipo mzere umodzi wofiira unkayenda kuchoka pa dzina lina kupita pa linzake. Unayambira pamwamba, kenako n'kumatsetsereka mpaka kufika pafupi ndi pansi. Bambo wina amene ndinakhala naye pa benchi anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Achimwene, ndiye kuti timu yathu yalowa pansi chonchi?" Ndinamuuza kuti ayi, tchaticho chikungosonyeza amene wagoletsa zambiri ndi amene wagoletsa zochepa. Anayang'ananso, koma sanakhutire. Maso ake anali ataona kale kutsika.

Bamboyo sanalakwitse kuwerenga. Mzere umauza diso kuti pali ulendo, kuti chinthu chimodzi chachoka apa n'kukafika apo. Pakati pa wosewera wina ndi mnzake palibe ulendo uliwonse. Amene anakonza kalatayo anali ndi manambala olondola, anangowaveka tchati cha mtundu wina.

Kusankha pakati pa mizati, mzere ndi timadontho kumayambira pa funso limodzi: kodi m'munsi mwa tchati, pa mzere wopingasa uja, mukuikapo chiyani? Ngati ndi mayina, monga a osewera kapena a matimu, tchati chake ndi cha mizati. Ngati ndi nthawi yoyenda motsatizana, ndipo chimene mukuyezacho chimapitirira kuchoka pa sewero lina kufika pa lina, ndi cha mzere. Ngati m'munsimo muli nambala inanso yoyezedwa, monga mphindi zimene munthu wasewera, ndiye kuti mukufunika timadontho. Lamuloli ndi lalifupi, koma pali malo angapo pamene limavuta kulitsata, ndipo malo amenewo amaoneka bwino tikagwira manambala m'manja.

Tiyerekeze kuti timu yathu yamaliza masewero 10 a chigawo choyamba cha ligi ya m'boma, ndipo mlembi wa kalabu walemba zotsatira m'kope lake motere, zigoli zathu zili koyamba:

2-0, 1-1, 3-1, 2-1, 0-0, 0-2, 1-2, 0-1, 1-1, 4-0.

Tapambana kanayi, tafanana mphamvu katatu, tagonja katatu. Tagoletsa zigoli 14, atigoletsa 9. Popeza kupambana ndi mapointi 3 ndipo kufanana mphamvu ndi pointi imodzi, tili ndi mapointi 15. Zigoli 14 zija zagawika chonchi: wovala jezi nambala 9 wagoletsa 6, wa nambala 11 wagoletsa 4, wa nambala 7 wagoletsa 2, ndipo wa nambala 10 ndi wa nambala 4 agoletsa chimodzi chimodzi. Kuchokera m'kope limodzi lomweli mutuluka matchati onse atatu, malinga ndi chimene owerenga akufuna kudziwa.

Ndani wagoletsa zambiri

Funso ili ndi loyerekeza anthu, choncho ndi la mizati. Wosewera aliyense amakhala ndi mzati wake, ndipo kutalika kwa mzatiwo ndiko nambala yake. Diso la munthu limayerekeza kutalika kwa zinthu zoima pa maziko amodzi mosavuta, ngati mmene timaonera ana atafola pa mzere n'kudziwa wamtali popanda tepi.

Mizatiyo muisanje kuyambira wautali kutsika, osati motsata alifabeti kapena nambala za majezi. Mayina alibe dongosolo lawolawo, ndiye inuyo ndi amene mumawapatsa dongosolo lothandiza wowerenga. Ndipo ngati mayina ndi aatali, monga mmene mayina athu ambiri alili tikaphatikiza ndi la bambo, igonekeni mizatiyo kuti iziyenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Dzina limakhala kumanzere, lolembedwa mowongoka, ndipo palibe amene apendeketse khosi kuti aliwerenge. Mu Excel mizati yoimirira imatchedwa `Column`, yogona `Bar`. Pali kamsampha kakang'ono apa: mizati yogona imatuluka mozondoka, woyamba pa ndandanda yanu amapezeka pansi penipeni. Mukonze podina pa mayinawo, kulowa mu `Format Axis`, n'kuchonga `Categories in reverse order`.

Msampha wina ndi nambala za majezi. Nambala 9 ya pa jezi si nambala yowerengera, ndi dzina chabe. Wa nambala 11 saposa wa nambala 9 ndi ziwiri pa china chilichonse. Koma kompyuta siidziwa zimenezi. Mukalemba 9, 11, 7, 10, 4 n'kuika mutu pamwamba pake, nthawi zambiri imawatenga ngati zinthu zoyezedwa n'kuwajambulira mizati yawoyawo pambali pa mizati ya zigoli. Mukaona wosewera aliyense ali ndi mizati iwiri pamene inu mumayembekeza umodzi, vuto ndi limenelo. Lembani "Jezi 9" kapena dzina la munthuyo, zithera pomwepo.

Chinthu chachikulu pa mizati, chimene sindilola kunyengerera, n'chakuti iyambire pa zilo. Chifukwa chake n'choti uthenga wonse wa mzati uli mu kutalika kwake. Mukadula pansi pake mwasintha uthengawo. Okonda mpira wa ku Mangalande akukumbukira chaka cha 2019 pamene Manchester City inatenga ligi ndi mapointi 98, Liverpool ili pambuyo ndi 97. Jambulani mizati iwiriyo kuyambira pa zilo, ndipo ikhala pafupifupi yofanana, zimene ndi zoona zake za mpikisano umenewo. Tsopano iyambitseni pa 96. Mzati wa City ukwera masitepe awiri, wa Liverpool sitepe imodzi, ndipo wowerenga aona ngati City inachita kawiri kuposa mnzake. Palibe nambala imene yasinthidwa, koma chithunzicho chanama.

Nthawi zambiri mlembi sachita dala. Excel ikaona kuti manambala ndi oyandikana kwambiri, imasankha yokha poyambira kuti kusiyana kuoneke. Choncho musanatumize kalata, yang'anani nambala imene ili pakona ya m'munsi kumanzere. Ngati si 0, lowani mu `Format Axis`, pa `Minimum` lembani 0. Mukaona kuti mizati yonse yangofanana ndipo palibe chooneka, musadule pansi pake pofuna kuti isiyane. Kufananako ndiye nkhani yake, ndipo ngati mukufuna kuti kusiyana kwa pointi imodzi kudziwike, lembani nambala kumapeto kwa mzati uliwonse.

Timu yayenda bwanji

Apa ndi pamene mzere umagwira ntchito yake yeniyeni. William Playfair wa ku Scotland, amene anasindikiza matchati a mzere ndi a mizati m'buku lake la 1786, anagwiritsa ntchito mzere posonyeza mmene malonda a dziko ankasinthira chaka ndi chaka. Anajambula mizati pamene anali ndi manambala a chaka chimodzi chokha a malonda a Scotland ndi mayiko osiyanasiyana, chifukwa panalibe nthawi yoti mzere uyendepo. Kusiyanitsa kumeneko n'komwe tikutsatirabe.

Mzere umayenera chinthu chimene timu imakhala nacho nthawi zonse, ngakhale pakati pa sabata pamene palibe sewero. Mapointi onse amene yasonkhanitsa ndi chinthu chotero. Lachitatu masana, osewera ali kumunda kapena ku ntchito, timu ili nawobe mapointi ake. N'chifukwa chake kulumikiza sewero lachitatu ndi lachinayi ndi mzere si bodza.

Kuti muwapeze, ikani nambala ya sewero mu danga A, zigoli zathu mu B, za adani mu C, sewero loyamba likhale pa A2, B2 ndi C2. Mu D2 ndi E2 lembani izi, kenako muzikokere pansi:

```
=IF(B2>C2,3,IF(B2=C2,1,0))
=SUM($D$2:D2)
```

Yoyamba imapereka mapointi a sewero lililonse, yachiwiri imawaphatikiza kuyambira pa sewero loyamba. Pa timu yathu danga E lituluka motere: 3, 4, 7, 10, 11, 11, 11, 11, 12, 15. Samalani kuti musakokere mpaka pa masewero amene sanachitike. Mabokosi awiri opanda kanthu kompyuta imawaona ngati ofanana, ndipo ikupatsani pointi imodzi pa sewero lililonse limene simunasewere. Mukaona mzere wanu ukukwera pang'onopang'ono, pointi imodzi imodzi, mpaka kumapeto kwa ligi, ndi zimenezo.

Tsopano onani chimene mzere ukunena chimene tebulo la ligi silinena. Tebulo likungoti mapointi 15. Mzere ukusonyeza timu imene inanyamuka mwamphamvu, mapointi 10 mwa 12 amene akanatheka m'masewero anayi oyamba, kenako inaima. Kuyambira sewero lachisanu mpaka lachisanu ndi chinayi inangopeza mapointi awiri mwa 15. Pa tchati pakuoneka chigwa chathyathyathya pa 11, kenako kudumpha pa sewero lomaliza. Aliyense woona tchatichi afunsa kuti chinachitika n'chiyani pamenepo, ndipo funso limenelo ndi limene kalata ya kalabu iyenera kuyankha. Ngati goloboyi anavulala pa sewero lachisanu, kapena timu inasewera masewero atatu otsatizana koyenda, lembani mawu ochepa pa malo omwewo pa tchati, ndi kamuvi kolozapo. Mawu asanu oikidwa pamenepo amathandiza kuposa ndime yonse m'munsi.

Koma mzere wa mapointi osonkhanitsa uli ndi chizolowezi chimodzi chonyengerera. Sutsika. Ngakhale timu igonje kasanu motsatizana, mzere umangogona, subwerera pansi. Ochemerera amene sanazolowere matchati amaona mzere woyambira pansi n'kukathera pamwamba, mtima n'kukhala m'malo. Njira yabwino ndi kuikapo mzere wachiwiri woyerekezera. Ungakhale wa timu imene ikutsogola, kapena wa timu yathu yomwe chaka chatha, kapena mzere wowongoka wa cholinga chimene komiti inagwirizana. Tinene kuti cholinga chinali mapointi awiri pa sewero. Mzere umenewo ukuyenda 2, 4, 6, 8, 10, 12 mpaka 20. Mzere wathu uli pamwamba pake kapena kulingana nawo mpaka sewero lachisanu, pamene tili ndi 11 iwo uli pa 10. Pa sewero lachisanu ndi chimodzi tagwera pansi pake, ndipo pomaliza tatsalira ndi mapointi asanu. Apo ndiye kugona kwa mzere kwaoneka kuti ndi kutsalira.

Mizere iwiri kapena itatu ndi yokwanira. Chiyeso chimabwera choti muike matimu onse a mu ligi, ndipo ngati ndi matimu 16 ngati a mu ligi yaikulu ya dziko lino, chimene chimatuluka ndi ulusi wopiringizana umene palibe angautsate. Mukakakamizika kusonyeza onse, mzere wa timu yanu ukhale wakuda ndi wonenepa, ina yonse yotuwa ndi yopyapyala. Kumbukiraninso kuti makalata ambiri a makalabu amathera pa makina a fotokope, pamene chofiira ndi chobiriwira zimatuluka zotuwa mofanana. Siyanitsani mizere ndi kaonekedwe, wina wathunthu, wina wodukaduka, ndipo dzina la timu mulilembe kumapeto kwa mzere wake m'malo modalira kabokosi ka mitundu kam'mbali.

M'munsi mwa tchatichi ndi bwino kuika nambala ya sewero osati deti. Ligi zathu zimaima chifukwa cha mvula, maliro, kapena kusowa kwa galimoto, ndipo mukaika madeti, masabata atatu opanda mpira amaoneka ngati chigwa china, chofanana ndi cha kugonja. Nambala ya sewero imathandizanso poyerekeza ndi timu imene yasewera masewero ochepa, chifukwa mzere wake umangothera pafupi ndipo aliyense amaona kuti ili ndi masewero m'manja.

Ena amakonda kusonyeza malo a timu pa ligi sabata ndi sabata. N'zotheka ndi mzere, koma mutembenuze manambala a m'mbali kuti 1 akhale pamwamba, podina `Values in reverse order`. Mukapanda kutero, timu ikamakwera pa ligi mzere uzitsika. Ndipo mosiyana ndi mizati, mzere sukakamizika kuyambira pa zilo, chifukwa diso limawerenga kukwera ndi kutsika kwake, osati kutalika kuchoka pansi. Wothamanga amene nthawi yake pa makilomita 5 yatsika kuchoka pa mphindi 24 kufika pa 22 wachita chinthu chachikulu, ndipo tchati choyambira pa zilo chingabise zonsezo. Chiyambitseni pa 20, koma manambala a m'mbali aoneke bwino.

Pamene nthawi ilipo koma mzere suyenera

Apa ndi pamene anthu odziwa lamulo lija amapunthwa. Zigoli za sewero lililonse, 2, 1, 3, 2, 0, 0, 1, 0, 1, 4, nazonso zikutsatizana mwa nthawi. Bwanji osazilumikiza ndi mzere? Mukayesa, mupeza chinthu chonga mano a sowo, chokwera ndi kutsika popanda chokuuzani. Chifukwa chake n'chakuti zigoli za sewero si chinthu chimene timu imanyamula kupita nacho ku sewero lina. Wenzulo yomaliza ikalira, zathera pomwepo, ndipo sewero lotsatira limayambanso pa 0-0, ndi adani ena, pa bwalo lina. Mzere wochoka pa 1 kupita pa 4 umadutsa pa 2 ndi pa 3, ngati kuti pakati pa sabata timu inali ndi zigoli ziwiri ndi theka.

Choncho funso loyamba lija liyenera kukhala ndi linzake: kodi pakati pa kadontho aka ndi kotsatira pali kanthu? Pa mapointi osonkhanitsa kalipo. Pa zigoli za tsiku limodzi palibe. Zimenezi zimayenera mizati, yosanjidwa motsata masewero osati motsata kutalika.

Ine ndimakonda kujambula kusiyana kwa zigoli pa sewero lililonse, zathu kuchotsapo zawo: +2, 0, +2, +1, 0, -2, -1, -1, 0, +4. Mizati ya kupambana imakwera pamwamba pa mzere wa zilo, ya kugonja imalendewera pansi. Munthu amaona msanga kuti kugonja kwathu konse kunali kwa chigoli chimodzi kapena ziwiri, ndiponso kuti pa kusiyana konse kwa +5, zinayi zinachokera pa sewero limodzi lomaliza. Masewero ofanana mphamvu sakhala ndi mzati konse, ndiye lembanipo zotsatira zake, 1-1 kapena 0-0, kuti wowerenga asaganize kuti mwaiwala. Pansi pa mzati uliwonse ikani dzina la timu imene munakumana nayo.

Zinthu ziwiri nthawi imodzi

Tchati cha timadontho ndi chimene chimaoneka kawirikawiri m'nkhani za akatswiri koma mwa apo ndi apo m'makalata a makalabu, ndipo pali chifukwa. Chimafuna kuti wowerenga ayang'ane mbali ziwiri. Kadontho kalikonse ndi munthu mmodzi, kapena timu imodzi, kapena sewero limodzi. Kutalikira kwake kumanja ndi nambala ina, kukwera kwake m'mwamba ndi nambala inanso. Funso limene chimayankha ndi lakuti, kodi ziwirizi zimayendera limodzi, nanga ndani amene wapatuka pa gulu?

Tibwerere kwa ogoletsa athu. Tchati cha mizati chinati wa jezi 9 ndiye katswiri, zigoli 6, wa jezi 11 akutsatira ndi 4. Koma m'kope la mlembi muli chinthu china. Masewero 10 ndi mphindi 900. Wa jezi 9 wasewera mphindi 870, wa jezi 11 mphindi 360 zokha chifukwa amalowa chigawo chachiwiri, wa jezi 7 mphindi 810, ndipo a jezi 10 ndi 4 asewera zonse 900. Ikani mphindi m'munsi, zigoli m'mbali. Timadontho tinayi tiunjikana kumanja, pakati pa 810 ndi 900. Kamodzi kakhala kokha kumanzere, chapakati pa tchati, koma pamwamba ndithu. Ndi mnyamata wa jezi 11 uja. Iye akugoletsa kamodzi pa mphindi 90 zilizonse, pamene wa jezi 9 akugoletsa kamodzi pa mphindi 145. Mizati sikanasonyeza zimenezi.

Pojambula, danga la mphindi likhale kumanzere kwa danga la zigoli, chifukwa pulogalamu imatenga danga lakumanzere kukhala la m'munsi. Sankhani `Scatter`, kapena `XY (Scatter)` ngati muli mu LibreOffice. Anthu ambiri amasankha `Line with Markers` n'kufufuta mzere, poganiza kuti n'chimodzimodzi popeza timadontho tatsala. Si chimodzimodzi. Tchati cha mzere chimaika timadontho motalikirana mofanana, motsata mmene mwatilembera, osalabadira kukula kwa nambala. Mudziwa kuti zachitika mukaona m'munsi mwalembedwa 870, 360, 810, 900, 900, mosatsata kukula. Pa tchati choona cha timadontho manambala a m'munsi amayenda ngati pa rula, 0, 200, 400, mpaka 1000. Ndipo timadontho timeneti musatilumikize ndi mzere, pa chifukwa chomwe chija cha bambo wa pa benchi.

Kadontho kopanda dzina n'kopanda ntchito m'kalata ya kalabu, chifukwa aliyense akufuna adzione yekha kapena aone mwana wake. Mu Excel mayina amalowa kudzera pa `Data Labels`, kenako `Value From Cells`. Ngati osewera ndi ambiri, tchulani atatu kapena anayi amene apatuka pa gulu, ena onse akhale timadontho chabe. Onaninso kuti a jezi 10 ndi 4 ali pa malo amodzi enieni, mphindi 900 ndi chigoli chimodzi, choncho kadontho kamodzi kabisa kanzake. Werengani timadontho pa tchati, muyerekeze ndi anthu a m'kope. Tikachepa, lembani mayina onse awiri pa kadontho kameneko.

Tsopano chenjezo limene ndimalitenga mozama, chifukwa apa tikunena za ana a anthu. Tchatichi chikatuluka, ochemerera ayamba kufunsa mphunzitsi chifukwa chimene amasungira wa jezi 11 pa benchi. Koma bwererani m'kope. Mwina pa zigoli zake 4, zitatu anagoletsa pa sewero lomaliza lija la 4-0, limene anasewera lonse, adani atatopa kale. Mukachotsa tsiku limenelo, watsala ndi chigoli chimodzi pa mphindi 270. Mpira wamiyendo uli ndi zigoli zochepa, ndiye tsiku limodzi labwino limasuntha kadontho mtunda wautali. Tchati chapeza funso loyenera kufunsa, koma sichinaliyankhe, ndipo mawu a pansi pake anene zimenezo poyera.

N'chimodzimodzinso ndi mzere wa `Trendline` umene pulogalamu imapereka, wosonyeza kumene timadontho tikulowera. Imaujambula ngakhale pa timadontho tisanu, ndipo umaoneka waukatswiri. Pa timadontho tochepa chonchi usiyeni. Ngakhale timadontho titachuluka n'kusonyeza kuti osewera nthawi yaitali ndiwo agoletsa zambiri, tchati sichinena kuti chayambitsa chinzake ndi chiti. Mwina amagoletsa chifukwa amasewera kwambiri, mwinanso mphunzitsi amawaseweretsa kwambiri chifukwa amagoletsa. Ndipo musasakanize otchinga kumbuyo ndi goloboyi pamodzi ndi akutsogolo pa tchati cha zigoli. Adzangofola m'munsi mwa tchati, pa 0, ndipo munthu amene watchinga bwino chigawo chonse adzaoneka ngati wopanda phindu pamaso pa abale ake.

Ku ntchemberembaye timadontho timagwira bwino ntchito kuposa ku mpira wamiyendo. Zigoli zimafika makumi angapo pa sewero limodzi, ndipo oponya ndi awiri okha, ovala `GS` ndi `GA`. Ikani m'munsi kuchuluka kwa maulendo amene woponya wayesa, m'mbali amene alowa, kadontho kamodzi pa sewero lililonse. Jambulaninso mzere wopendekeka wodutsa pa 10 ndi 10, 20 ndi 20, 30 ndi 30, umene ukuimira kuponya kosaphonya. Palibe kadontho kangakhale pamwamba pa mzerewo, popeza munthu sangagoletse koposa mmene waponyera, choncho mukaona kotero dziwani kuti m'kope muli cholakwa. Kutalikira kwa kadontho pansi pa mzerewo ndiko kuphonya kwa tsikulo. Woponya amene walowetsa 27 mwa 30 ali pafupi ndi mzere, amene walowetsa 27 mwa 45 ali kutali, ngakhale pa mizati awiriwa akanakhala ofanana ndendende.

Sikuti nambala iliyonse ikufuna tchati. Tebulo la ligi lisiyeni likhale tebulo, chifukwa anthu amalidziwa ndipo amafuna manambala ake enieni. Zinthu ziwiri zokha, monga kuti pakwathu tapambana katatu ndipo koyenda kamodzi, zimakwana m'chiganizo chimodzi. Pa kalata ya masamba awiri, tchati chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira, ndipo pa nyengo ya timu yathuyi ine ndikanasankha mzere wa mapointi wokhala ndi chigwa chake pa 11, chifukwa ndiyo nkhani imene anthu akukambirana kale kumsika.

Mutu wa tchati unene chimene mwapeza. M'malo molemba "Mapointi a timu", lembani "Mapointi awiri okha m'masewero asanu apakati". Mukamaliza, dzitumizireni kalatayo pa foni, muione pa kukula kumene owerenga adzaionere, kenako musindikize tsamba limodzi lopanda mitundu. Tsambalo mupatse munthu amene sanaone kope lanu, mayi wogulitsa mandasi pa geti la bwalo kapena wosewera wa timu ya ana, ndipo musamufotokozere kalikonse. Mufunseni kuti akuona chiyani. Akanena kuti timu inayamba bwino, inaima pakati, ndipo yadzuka pa sewero lomaliza, tumizani. Akanena zina, bwererani mukaone chimene mwaika m'munsi mwa tchaticho.